Agogo Alowe M'chithunzi cha Ukwati Popanda Chimbuuzi

Ntchito imodzi yomwe anthu a m'masitudiyo a zithunzi amapatsidwa kawirikawiri ndi yolowetsa munthu m'chithunzi chimene iye sanajambulidwemo. Pa ukwati wina wa pabanja anali kuchipatala, pa chinkhoswe mlongo anali ku Joni, kapena mpingo ukufuna nkhope ya abusa pa kalendala ya chaka chatsopano. Wojambula amadula munthuyo pa chithunzi china, n'kumumata pa chithunzi chachikulu, n'kumukoka m'makona kuti afanane msinkhu ndi anzake. Pa sikirini zonse zimaoneka bwinobwino. Chithunzi chikatsukidwa m'pamene mavuto amatulukira: nkhope ya womatidwayo ili mbuu, ya chimbuuzi, pamene ena onse maso awo akuwala, ndipo m'mapewa mwake ndi m'mphepete mwa duku muli manomano ooneka ngakhale munthu ataima patali.

Ambiri amaloza chala makina osindikizira kapena pepala. Koma nthawi zambiri cholakwika chimakhala chitachitika kale pa kompyuta, pa mphindi ija yokoka makona, ndipo gwero lake ndi chiwerengero cha timadontho tomwe timapanga chithunzi.

Chithunzi chilichonse cha pa foni kapena kamera ndi timabokosi ting'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere, kalikonse ka mtundu umodzi. Timabokosi timeneti ndi mapikiselo. Kamera ya mamegapikiselo 24 imatulutsa chithunzi cha mapikiselo 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Foni ya mamegapikiselo 12 imatulutsa pafupifupi 4000 kwa 3000. Amene anagwiritsapo ntchito kope la masamu la timabokosi angamvetse msanga: mutafuna kujambula mzere wopendekeka podetsa timabokosi tathunthu, mzerewo umatuluka wa masitepe. Timabokosi tikakhala tambiri ndiponso tating'ono, diso silionanso masitepewo ndipo mzere umaoneka wosalala. Tikakhala tochepa ndiponso tatikulu, sitepe iliyonse imaonekera.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti pomata, pulogalamu imangoika pikiselo pa pikiselo. Ilibe nazo ntchito zakuti munthuyu ndi wamtali kapena wamfupi, kapenanso nambala ya 72 kapena 300 yolembedwa mu fayilo. Nambala imeneyo imangouza makina osindikizira kuti apanikize mapikiselo angati pa inchi imodzi ya pepala. Kuisintha kuchoka pa 72 kufika pa 300 popanda kusintha chiwerengero cha mapikiselo sikuwonjezera kalikonse pa nkhope ya munthu. N'chifukwa chake munthu amene anadzaza chithunzi chonse cha pa foni amasanduka kachidole akamatidwa pa chithunzi cha kamera yaikulu.

Tiyerekeze ntchito imodzi

Banja labweretsa chithunzi cha gulu cha tsiku la ukwati, chojambulidwa ndi kamera ya 6000 kwa 4000. Agogo aakazi sanathe kufika, ndipo banjalo likufuna kuti aime pambali pa mkwatibwi. Chithunzi cha agogo chabwera pa WhatsApp kuchokera kumudzi. WhatsApp imafinya zithunzi zotumizidwa mwa nthawi zonse, ndipo mbali yaitali imatsikira pa mapikiselo pafupifupi 1600. Choncho chomwe chafika pa kompyuta ndi cha 1600 kwa 1200.

Wodziwa ntchito sathamangira kudula. Amayamba wayeza. Mu Photoshop amakoka bokosi ndi Rectangular Marquee Tool kuchokera pa duku mpaka ku zidendene, n'kuwerenga nambala ya H pa Info. Mu GIMP, pulogalamu yaulere yomwe ambiri amadalira, pali Measure Tool yochitira zomwezo. Tinene kuti agogo apezeka ndi mapikiselo 900. Pamalo pomwe akaime m'chithunzi cha gulu, munthu wa msinkhu wawo akufunika mapikiselo 2700. Pamenepa tionjezepo kuti ndi bwino kuyerekeza mitu, kuchokera pa chibwano kufika pa liwombo, kusiyana ndi matupi athunthu, chifukwa anthu amasiyana kwambiri msinkhu kuposa m'mene amasiyanirana kukula kwa mitu, ndipo agogo ofupikirapo sayenera kutuluka ofanana ndi mkwati.

Masamu ake ndi afupi:

```
2700 / 900 = 3   (300%)
3 x 3 = 9
```

Agogo ayenera kukula katatu m'litali ndi katatu m'lifupi. Malo omwe munali pikiselo imodzi tsopano mukufunika mapikiselo 9. Kamera inaona imodzi yokha. Enawo pulogalamu iyenera kuwapeka. Mutu wa agogo pa chithunzi chawo uli ndi mapikiselo pafupifupi 120, ndipo diso lawo silikwana 20 m'lifupi, pamene diso la mkwatibwi lili ndi mapikiselo cha m'ma 50, nsidze zonse zikuoneka. Palibe batani lomwe lingabweze nsidze zomwe sizinalembedwe mu fayilo.

M'mene pulogalamu imapekera

Njira yophweka kuposa zonse imangotengera. Pikiselo yatsopano iliyonse imatenga mtundu wa pikiselo yakale yomwe yayandikana nayo. Photoshop imaitchula Nearest Neighbor, GIMP imalemba None. Zotsatira zake n'zakuti kabokosi kalikonse kamasanduka bokosi lalikulu la 3 kwa 3, ndipo masitepe a m'mphepete amakula katatu. Apa ndi pamene pamachokera manomano oipitsitsa. Njirayi ili ndi ntchito yake, monga pokulitsa chithunzi cha zolembedwa pa sikirini kuti timabokosi tisasakanikirane, koma pa nkhope ya munthu siyenera kuyandikira.

Njira yachiwiri imasakaniza. Imayang'ana mapikiselo anayi oyandikana n'kupeza mtundu wa pakati. Pa kompyuta kuda bii ndi 0, kuyera mbee ndi 255. Ngati jekete lakuda lakumana ndi khoma loyera, pikiselo yatsopano ya pakati pawo imapatsidwa mtundu wotuwa, cha m'ma 128. Masitepe amafufutika ndithu, koma malire omwe anali akuthwa amasanduka otsetsereka pang'onopang'ono, ndipo diso limaona zimenezo ngati chimbuuzi. Imeneyi ndi Bilinear mu Photoshop, Linear mu GIMP.

Apa ndiye pagona nkhani. Manomano ndi chimbuuzi zimachokera pa kusowa kumodzi kwa mapikiselo. Mukakana kusakaniza mumapeza masitepe, mukasakaniza mumapeza chimbuuzi, ndipo njira zonse zapamwamba zimangoyesa kupeza malo abwino pakati pa ziwirizi.

Yodziwika kwambiri mwa njira zapamwambazo ndi Bicubic, yomwe GIMP imaitcha Cubic. Imayang'ana mapikiselo 16, anayi kwa anayi, ndipo potero imaona kumene mtundu ukulowera, osati oyandikana nawo okha. Masamu omwe mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito pa njirayi anawafotokoza Robert Keys m'chaka cha 1981. Kuti malire aoneke akuthwa, njirayi imapyola pang'ono: mbali yakuda imaidetsako, mbali yoyera imaiyeretsako. Kupyolako kukachuluka, m'mphepete mwa jekete lakuda mumabadwa kamzere koyera kozungulira munthu yense, ndipo aliyense amadziwa kuti uyu ndi womata. Photoshop ili ndi mitundu yake: Bicubic Smoother yokulitsira, Bicubic Sharper yochepetsera, ndi Bicubic Automatic yomwe imasankha yokha. GIMP kuyambira pa 2.10, yomwe inatuluka mu 2018, ili ndi NoHalo ndi LoHalo, zopangidwa dala kuti kamzere koyera kaja kachepe. Ndi bwino kuyesa zonse ziwiri pa chithunzi chomwecho n'kuona yomwe yagwira.

Kusankha njira yoyenera kumathandiza, komabe tisanamizane. Pa kukulitsa kwa 300 peresenti, kusiyana kwa Bicubic Smoother ndi Bilinear n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa nkhope ya agogo ndi ya mkwatibwi. Amene amathera ola lathunthu akusinthasintha mayina amenewa akufunafuna yankho pamalo pomwe palibe.

Chepetsani chachikulu, osakulitsa chaching'ono

Funso lomwe limapulumutsa ntchitoyi ndi loti banjali likufuna chithunzi chachikulu bwanji. Anthu ambiri amaganiza kuti chithunzi cha gulu chiyenera kukhala pa 6000 kwa 4000 zivute zitani, ndipo agogo ndi amene ayenera kukokedwa kuti achipeze. Koma pepala silifuna mapikiselo onsewo.

Chithunzi wamba cha mu alubamu ndi cha mainchesi 6 kwa 4, kapena kuti masentimita 15 kwa 10. Pa mapikiselo 300 pa inchi, omwe ndi muyezo wa kusindikiza kwabwino, chimafuna 1800 kwa 1200 basi. Chithunzi cha gulu chikatsitsidwa kuchoka pa 6000 kufika pa 1800, chatsala ndi 30 peresenti, ndipo malo a agogo aja a 2700 asanduka 810. Agogo ali ndi 900. Ndiye kuti sakufunikanso kukula, akufunika kuchepa pang'ono, kufika pa 90 peresenti. Vuto lonse lija latha popanda kupeka pikiselo ndi imodzi yomwe.

Nanga banja likafuna chopachika pakhoma, cha mainchesi 12 kwa 8? Pa 300 pa inchi pakufunika 3600 kwa 2400, malo a agogo ndi 1620, ndipo ayenera kukula kufika pa 180 peresenti. Kufewa kwa nkhope kudzaoneka kwa woyang'anitsitsa. Koma chithunzi cha pakhoma sachiyang'ana atachigwira m'manja. Anthu amachiona ataima pakati pa balaza, ndipo mapikiselo 200 pa inchi amakwanira. Pamenepo pepala likufuna 2400 kwa 1600, malo a agogo ndi 1080, ndipo kukula kwawo ndi 120 peresenti yokha. Kukulitsa kotere Bicubic imakukwanitsa popanda wodandaula.

Wina anganene kuti uku n'kuononga chithunzi chabwino cha kamera yodula. N'zoona kuti nkhope za gulu zimataya zina mwa zomwe kamera inaona. Koma diso la munthu limakhululuka chithunzi chomwe chonse n'chofewa mofanana. Chomwe silikhululuka ndi munthu mmodzi wa chimbuuzi ataima pakati pa anthu makumi awiri akuthwa. Ndipo fayilo yoyambirira ya gulu imasungidwa payokha. Yochepetsedwayo ndi kope la ntchito imeneyi yokha.

Pali njira inanso yomwe imaposa zonsezi, ndipo imangofuna kuimba foni. Ngati mdzukulu yemwe anajambula agogo ali ndi foni ya 4000 kwa 3000, ndiye kuti WhatsApp inachepetsa chithunzicho kawiri ndi theka. Pa foni yakeyo agogo ali ndi mapikiselo 2250, osati 900. Akatumizanso chithunzicho posankha Document m'malo mwa Gallery, fayilo imafika yosafinyidwa. Tsopano 2700 kugawa ndi 2250 ndi 120 peresenti, pa chithunzi chonse cha gulu chosachepetsedwa. Kuyambira 2023 WhatsApp ilinso ndi batani la HD, lomwe limasunga mapikiselo ochulukirapo, ngakhale limafinyabe fayilo. Bandulo yomwe ingathere pa kutumiza fayilo yathunthu ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wotsukitsanso chithunzi chachikulu chomwe chakanidwa.

Kufinyako kuli ndi choipa china chobisika. Fayilo ya JPEG imasunga chithunzi m'timagulu ta mapikiselo 8 kwa 8, ndipo ikafinyidwa kwambiri malire a timagulu timeneti amayamba kuonekera pa malo osalala monga masaya ndi chipumi. Pa foni sationa. Tikakula katatu timasanduka mabokosi a 24 kwa 24, ndipo nkhope ya agogo imaoneka ya zigambazigamba.

Kokani kamodzi kokha

Tsopano manambala adziwika, ndipo nthawi yokoka makona yafika. Apa pali msampha womwe umakola ngakhale anthu omwe akhalitsa pa ntchito.

Nthawi iliyonse mukasintha kukula kwa leya n'kudina Enter, pulogalamu imawerengera mapikiselo atsopano n'kutaya akale. Wojambula amachepetsa agogo kufika pa theka, n'kuona kuti achepa kwambiri, n'kuwakulitsanso. Pochepetsa paja magawo atatu mwa anayi a mapikiselo anatayidwa, ndipo pokulitsanso pulogalamu sikuwabweza, ikupeka atsopano kuchokera pa otsalawo. Kenako amawapendeketsa pang'ono kuti aime mowongoka, komwenso ndi kuwerengera kwatsopano. Akamafika pokhutira, nkhope yadutsa m'kusakaniza kanayi kapena kasanu, ndipo ulendo uliwonse waonjezera chimbuuzi chake. Chithunzi chomwe chinali ndi mapikiselo okwanira chimathera pompo.

Photoshop inabweretsa mankhwala a vutoli mu 2005, pa CS2. Leya ya agogo isanakhudzidwe, dinani kumanja pa dzina lake n'kusankha Convert to Smart Object. Kuchokera pamenepo pulogalamu imasunga chithunzi choyambirira m'kati, ndipo kusintha kulikonse imakuwerengera kuchokera pa choyambiriracho. Mutha kuchepetsa, kukulitsa, kupendeketsa kakhumi, zotsatira zake zimakhala ngati mwachita kamodzi. Ubwino wina ndi wakuti mukatsegula Free Transform ndi Ctrl+T, manambala a W ndi H pamwamba amakuuzani peresenti yeniyeni poyerekeza ndi choyambirira, choncho mumadziwa nthawi yomwe mwapyola 100. Photopea, yomwe imagwira ntchito pa intaneti popanda kulipira, nayonso ili ndi Smart Object.

Wogwiritsa ntchito GIMP angadziteteze mwa njira ina. Asunge kope la leya yoyambirira atalibisa, ayesere kukula ndi kupendekeka pa kope lina mpaka atakhutira, alembe manambala, kenako achite kusintha komalizako kamodzi pa kope latsopano. Unified Transform Tool imalola kukulitsa ndi kupendeketsa pa ulendo umodzi. Ngati fayilo yabwera ngati GIF kapena ili pa Indexed, ayambe waisintha kudzera pa Image > Mode > RGB, chifukwa GIMP sisakaniza mitundu pa zithunzi za Indexed ndipo m'mphepete mudzatuluka masitepe ngakhale atasankha Cubic.

M'mphepete ndi ntchito ina payokha

Nkhope ikhoza kukhala bwino koma munthu n'kumaonekabe womata, ndipo chomuulula ndi mphepete mwake. Pa chithunzi chenicheni palibe munthu amene amathera mwadzidzidzi. Mukakulitsa sikirini kufika pa 400 peresenti n'kuyang'ana phewa la mkwati, mudzaona kuti pakati pa jekete ndi khoma pali mapikiselo awiri kapena atatu a mtundu wosakanikirana. Galasi la kamera ndi lomwe limachititsa zimenezo. Agogo omatidwa ayenera kukhala ndi mphepete yofewa mofanana ndi ya oyandikana nawo. Ikakhala yakuthwa kupyola pamenepo amaoneka odulidwa ndi sizasi, ikafewa kupyola pamenepo amaoneka ngati akusungunuka.

Mapulogalamu amafewetsa malire odulidwa popanga mapikiselo a m'mphepete kukhala oonekera mkati pang'ono, ena theka, ena kotala. Ndi ntchito ya kabokosi kolembedwa Anti-alias mu Photoshop kapena Antialiasing mu GIMP. Munthu akadula ndi Magic Wand kabokosika kali kosachonga, pikiselo iliyonse imakhala yotengedwa yonse kapena yosiyidwa yonse, ndipo masitepe amabadwa asanayambe n'komwe kukoka.

Chofunika kwambiri apa ndi dongosolo la ntchito, ndipo ambiri amalitembenuza. Amadula agogo pa chithunzi chaching'ono chija, kenako n'kukulitsa chodulidwacho. Potero amakulitsa mphepete pamodzi ndi zolakwika zake zonse. Sitepe ya pikiselo imodzi imasanduka ya mapikiselo atatu, ndipo kufewa kwa mapikiselo awiri kumasanduka kwa asanu ndi limodzi. Pokulitsa, dongosolo labwino ndi lakuti muyambe mwamata chithunzi chonse cha agogo, pamodzi ndi khonde lomwe anaimapo, muchikulitse kufika pa muyezo womaliza, kenako mudule. Mphepete yodulidwa pa muyezo womaliza imakhala ndi mapikiselo a chithunzi chachikulucho, ndipo kufewa kwake mumasankha nokha.

Kudulako kuchitike ndi masiki, osati ndi chofufutira. Add Layer Mask imabisa khonde popanda kulitaya, choncho khutu likadulidwa molakwika limabwezedwa popaka zoyera pa masikiyo. Pa mapewa, nsalu ndi duku, Pen Tool ya Photoshop kapena Paths Tool ya GIMP ndi yabwino koposa, chifukwa mzere wake ndi wa masamu, si wa mapikiselo, ndipo umakhala wosalala pa kukula kulikonse. Mzerewo udutse pikiselo imodzi kapena awiri m'kati mwa thupi, osati pa malire penipeni. Mapikiselo a pa malire anatengako mtundu wa khonde lakale, ndipo ngati kumbuyo kwa agogo kunali khoma la laimu, adzalowa mu holo ya ukwati atazunguliridwa ndi kamzere koyera. Ngati kamzereko katsalabe, Select > Modify > Contract mu Photoshop kapena Select > Shrink mu GIMP zimabweza malire m'kati ndi pikiselo imodzi kapena awiri.

Nanga ngati chodulidwacho chabwera kale ndi manomano, chotumizidwa ndi munthu wina? Pali kaluso komwe kamagwira m'mapulogalamu onse awiri. Sankhani masiki, osati chithunzi, n'kuikapo Gaussian Blur ya mapikiselo awiri kapena atatu. Masitepe amasungunuka n'kukhala mzere wotuwa wotambalala. Kenako tsegulani Levels pa masiki yomweyo n'kukokera timivi ta kumanzere ndi kumanja chapakati. Mzere wotuwa uja umapyapyala mpaka kukhala malire osalala. Mukakokera kwambiri kamuvi kakuda, malire amalowa m'kati n'kudyanso kamzere ka mtundu wakale. Musakumanitse timivito kotheratu, chifukwa masitepe adzabwerera.

Kuchepetsa nakonso kuli ndi zake

Pena zinthu zimatembenuka: munthu wajambulidwa ndi kamera yaikulu ndipo akumatidwa pa chithunzi chaching'ono, monga chakale chojambulidwa ndi foni ya mabatani. Uku ndi kosavuta, popeza mapikiselo alipo ochuluka, ndipo kudula kungachitike pa chithunzi chachikulu chisanachepetsedwe. Komabe zinthu ziwiri zimavuta.

Choyamba ndi nsalu za mizere yothithikana, monga malaya a timabokosi kapena chitenje cha maluwa ang'onoang'ono. Pochepetsa kwambiri ndi Nearest Neighbor, pulogalamu imatola pikiselo imodzi n'kudumpha zinayi kapena zisanu, ndipo pa nsalupo pamabadwa mafunde a mitundu omwe panalibe. Bicubic imachepetsa vutoli. Likapitirirabe, Gaussian Blur yaing'ono pa nsalupo musanachepetse imathandiza, chifukwa imasakaniza mizere yomwe sikanakwana m'mapikiselo ochepawo.

Chachiwiri ndi chakuti womatidwayo amatuluka wakuthwa kuposa aliyense. Bicubic Sharper imaonjezera vutoli, ndipo pa ntchito yomata nthawi zambiri Bicubic wamba ndi yomwe imakhala bwino. Apa wojambula ayenera kulimba mtima n'kufewetsa dala munthu wakeyo ndi Gaussian Blur ya theka la pikiselo kapena pikiselo imodzi, mpaka maso ake afanane ndi a anzake.

Kunola ndi kuyesa komaliza

Tibwerere kwa agogo pa 120 peresenti. Akakhala pamalo pawo ndipo mphepete yakonzedwa, nkhope ingafune kunoledwa pang'ono. Unsharp Mask imakweza kusiyana kwa mitundu pa malire, ndipo diso limaona ngati chithunzi chathwa. Radius ya pikiselo imodzi ndi Amount ya pakati pa 50 ndi 80 peresenti ndi poyambira pabwino mu Photoshop. Kunola kumachitika pomaliza, kukula kutakhazikika, ndipo kuchitike pa chithunzi chokha, osati pa masiki. Chizindikiro chakuti mwapyola ndi kamzere koyera kuzungulira mphuno ndi chibwano, kapena zigamba za JPEG zija zikayamba kudzuka pa masaya. Zikatero bwererani m'mbuyo.

Pali kanthu kenanso kamene ambiri sakaganizira. Chithunzi cha mu holo, chojambulidwa kuwala kuli kochepa, chimakhala ndi timadontho ta mchengamchenga paliponse. Kukulitsa kumasalaza timadontho totere, choncho khungu la agogo limatuluka losalala mosiyana ndi la ena onse. Add Noise ya peresenti imodzi kapena ziwiri, Monochromatic itachongedwa, imawabwezera mchenga wofanana ndi wa anzawo. N'zodabwitsa kuti kuonjezera timadontho kumapangitsa nkhope kuoneka yakuthwa, koma diso likapeza tinthu ting'onoting'ono toti ligwire silidandaulanso za chimbuuzi.

Zonsezi ziweruzidwe sikirini ili pa 100 peresenti, pamene pikiselo imodzi ya chithunzi ikugwera pa pikiselo imodzi ya sikirini. Mu Photoshop ndi Ctrl+1, mu GIMP ndi batani la 1. Pa muyezo wina uliwonse pulogalamu imakhala ikuchepetsa kapena kukulitsa chithunzi mwachangu pongofuna kuchionetsa, ndipo ikhoza kubisa chimbuuzi chomwe chilipo kapena kuonetsa manomano omwe mu fayilo mulibe. Ntchito isungidwe ngati PSD kapena XCF, maleya ndi masiki zili momwemo, ndipo JPEG yopita kosindikiza ipangidwe kamodzi, pomaliza.

Palinso malire omwe luso silingadumphe. Ngati chithunzi cha pa foni ya mdzukulu chinafufutidwa, chatsala ndi cha 900 chokha, ndipo banja likufuna chachikulu ngati kalendala ya pakhoma, wojambula woona mtima amanena chilungamo ntchito isanayambe: pa muyezo umenewo nkhope ya agogo sidzafanana ndi za ena. Angapereke njira zina, monga kuchepetsa chithunzi chonse, kapena kuika agogo m'kachithunzi kawo kozungulira pakona, pomwe kufewa kwa nkhope sikupikisana ndi wina aliyense.

Musanalipire pepala lalikulu, dulani kachigawo ka 6 kwa 4 kuchokera pa fayilo yomalizayo, komwe kali ndi nkhope ya agogo ndi ya woyandikana nawo, osasintha kukula kwake, ndipo mukatsukitse kokhako. Kaikeni pakhoma n'kuima pomwe alendo adzaime. Nkhope ziwirizo zikafanana kuthwa kwake ndipo phewa la agogo lilibe kamzere, pitani mukatsukitse chachikulucho.